Basela wa Mwanahalima Woluka wa pa Benga

Pa Benga panalibe mkazi wosadziwa maondo a Mwanahalima. Ambiri anakhalapo pakati pa maondowo, pamkeka, khosi litapindika, iye ali pakampando kumbuyo kwawo akuluka. Saluni yake inali kachipinda kamodzi ka njerwa zootcha m'mphepete mwa mseu wa tala wochokera ku Salima, koma ntchito yambiri inkachitikira pakhonde, pomwe pankapita mphepo ndi nkhani. Mkatimo munali galasi lalikulu long'aluka pakona, beseni, zipeso, ndi katani imene ankakoka akabwera mayi wachisilamu wosafuna kuvula mpango anthu odutsa akuona.

Anabadwira ku boma la Nkhotakota m'banja la amalonda akale, ndipo kuluka anaphunzira kwa azakhali ake ali kamtsikana. Ku Benga anabwera ndi ukwati, atakwatiwa ndi a Yakubu, telala wofatsa amene ankasoka mayunifolomu pakhonde la golosale ina. Mizere ya Mwanahalima inkawongoka ngati wayeza ndi chingwe, ndipo sankakoka tsitsi la pachipumi mpaka munthu kulephera kuphethira monga amachitira oluka ena. Polusa panali pakamwa. Ukagwedeza mutu ankakugogoda ndi chipeso, kaya ndiwe mwana wa sukulu kaya ndiwe mkazi wa shehe, ndipo anthu ankangoseka n'kubweranso mwezi wotsatira.

Akamaliza kuluka ankachita chinthu chimodzi chimene sankalipiritsa. Pansi pa kampando kake pankakhala botolo la mafuta opanga yekha: a nsatsi, osakaniza ndi a mpendadzuwa kuti asalemere, ataviikamo karafuu, timitengo tonunkhira tija ena amathira mu tiyi. Ankadontheza pachala n'kuyendetsa m'mizere yonse. Kenako ankathira ena pang'ono m'kapulasitiki, kumanga mfundo, n'kumuika kasitomala m'manja.

"Basela uyo," ankatero. "Kadontho kamodzi pachala, osati kukhuthula ngati mukukazinga usipa. Ndipo musamange mpango tsitsi lili lonyowa, mwamva?"

Mwa makasitomala ake onse, wa pamtima anali Rahma, mkazi wa a Sufiyani ogulitsa nsomba zouma. Awiriwa anakwatiwira ku Benga chaka chimodzi, ndipo ankaitanana kuti achemwali ngakhale panalibe ubale. Mwana wa Rahma, Ikram, analukidwa koyamba pakhonde pomwepo asanayambe n'komwe sukulu, akulira mpaka mamina m'chibwano. Tsiku limenelo Mwanahalima anamupukuta nkhope ndi chitenje chake nanena kuti, "Mutu uwu ndi wanga mpaka tsiku la nikaha yake." Mawuwa ankawabwereza chaka ndi chaka, Rahma akuvomereza, mpaka Benga yense anadziwa kuti tsiku limene Ikram adzamange ukwati, womuluka alipo kale. Mwanahalima sanabereke mwana wamkazi, choncho tsikulo ankaliyembekezera ngati lake.

Ndiyeno panali Sharifa. Uyu anali mwana wa anansi, amene atasiya sukulu anabwera kudzaphunzira ntchito kwa Mwanahalima. Anayamba ndi kusesa tsitsi ndi kumasula malukidwe akale, kenako anapatsidwa mitu ya ana, ndipo pomaliza ankaluka mzere woti sungausiyanitse ndi wa mphunzitsi wake. Anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito m'saluni ya m'tauni, ndipo pobwerako anatsegula yake. Chipinda chopanda munthu pa Benga panthawiyo chinali chimodzi chokha, tsidya la mseu, khomo kuyang'anana ndi khomo. Mwanahalima ankadziwa zimenezi, komabe aliyense womufunsa ankamuuza kuti mwanayo wachita dala.

Poyamba sizinamuvute kwenikweni. Benchi yake inkadzaza, ya Sharifa ili ndi anthu awiri kapena mmodzi. Ankaluka uku akuponya maso kutsidya, n'kumanena mokweza kuti, "Ntchito si penti ya pachitseko ayi." Koma chaka chisanathe, padenga la Sharifa panakwera sola. Kenako kunabwera dulaya yoimirira, ija mayi amalowetsamo mutu ngati akubisala. Kenako mpando wozungulira. Tsiku limene mpandowo unatsitsidwa pa minibasi, Mwanahalima anapotoza mzere pamutu pa mphunzitsi wina mpaka anachita kumasula n'kuyambiranso, chinthu chimene sichinamuchitikirepo.

Nsanje inamugwira, ndipo inali nsanje yeniyeni, yosowetsa tulo ndi yolanda chilakolako cha chakudya. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti sankamvetsa. Mitu yolowa kwa Sharifa inali yochepa kuposa yake. Mitengo yolukira inali yofanana, chifukwa pa Benga ukakweza pang'ono msika wonse umadziwa dzuwa lisanapendeke. Nanga ndalama ya dulaya inkachokera kuti? Anayamba ndi kuganizira mwamuna wina wa ku Lilongwe. Kenako anaganizira mankhwala okokera anthu. Zonsezi anawauza amuna ake tsiku lina masana, atabwera kudzadya.

"Si mankhwala, mayi," anatero a Yakubu akusamba m'manja. "Tayang'anani m'manja mwa anthu akamatuluka mmenemo."

"Ndiyang'ane chiyani m'manja mwa anthu?"

"Kajumbo. Ambiri amatuluka ndi kajumbo. Inu manja anu ndi awiri, tsiku lili ndi malire, mitu imene mungaluke siingapitirire pamene imafika. Mnzanuyo mutu womwewo umalipira kuluka, kenako umagulanso kabotolo kokasamalira kunyumba. Kabotoloko sikamudyera nthawi, sikamupweteketsa msana, koma phindu lake limalowa. Munthu mmodzi amamusiyira zambiri kuposa zimene amakusiyirani inu. Nkhani yake ndi yomweyo basi."

"Mnzanga ndani? Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira chipeso?"

A Yakubu anaona kuti ndi bwino angodya.

Mawa lake Mwanahalima anayang'ana, ndipo anaonadi timajumbo. Anaonanso shelefu yomwe inali kuseri kwa mpando wozungulira uja, mabotolo atandandalika. Zimenezi ndi zimene zimaoneka munthu akakhala tsidya lino la mseu. Zimene sankaona ndi zochitika mkatimo. Sharifa ankayamba ndi mafunso asanagwire n'komwe tsitsi: kodi mumayabwa, mumavala mpango tsiku lonse, mumatsuka kangati? Akamamaliza, kasitomala atagwira kagalasi m'manja akudziona kumbuyo, m'pamene ankatenga chinthu chimodzi pashelefu, kumupaka kapena kumupopera, n'kumupatsa botolo kuti alinunkhize yekha. Wolukitsa meshi ankamuuza za sipuleyi yofewetsa. Woika mankhwala owongola tsitsi ankamuuza za mafuta oti lisaume n'kuthothoka. Wochepekedwa ankamupungulira m'kabotolo kakang'ono ka mtengo wotsika. Wina ankamuuza kuti, "Inu musagule kanthu lero, aja munagula aja sanathe." Amene wakana sankamuchitira tsinya. Ndiye anthu ankamukhulupirira, ndipo kabotolo kakatha ankabweranso, nthawi zambiri ndi mutu womwe.

Mwanahalima anangoona shelefu, ndipo anati naye akhala ndi shelefu, yaitali kuposa imeneyo. Anagulitsa matumba a mpunga omwe anasunga kuti adzagulitse mitengo ikakwera, nakwera minibasi ya ku Salima. Kusitolo yopikulitsa, komwe ankapikulanso Sharifa, anamuuza kuti akatenga katoni yathunthu ya mtundu umodzi amutsitsira mtengo. Iye anasangalala, natenga katoni ya mafuta a m'zitini zazikulu, olimba ngati girizi, katoni ya sipuleyi ya meshi, ndi ina ya shampu. Sanafunse kuti ndi za tsitsi lotani. Chimene anafunsa ndi chakuti kodi Sharifa amatenga makatoni angati, ndipo atamva kuti amangotenga zochepazochepa za mitundu yosiyana, anaseka mpaka wogulitsayo anadabwa.

Kalipentala atakhoma shelefu, Mwanahalima anaitembenuzira kumseu kuti izionekera kutsidya. Kenako anakhala pansi n'kuganiza. Ndani angagule mafuta a m'chitini pamene akulandira a ulere m'kapulasitiki? Anatenga botolo lake la nsatsi, nakalisiya kunyumba pamwamba pa kabati. Basela anathera pomwepo.

Kagulitsidwe kake kanali ngati kalukidwe kake, kopanda kunyengerera. Akamaliza mzere womaliza ankaimirira pakati pa kasitomala ndi khomo, chitini chili m'manja.

"Tsitsi lanuli lauma ngati udzu wa mu Okutobala. Tengani ichi."

"Ndibwera mawa, a Mwanahalima, lero sindinakonzeke."

"Mawa lake liti? Mwandipatsa ndalama yaikulu, chenji ndilibe. Tengani chitini, takwanirana."

Ndipo anthu ankatenga. Akazi a kunyanja kuno savuta kumaso. Munthu amene wakuluka kuyambira uli mtsikana, amene anabwera pamaliro a mayi ako ndi ufa pamutu, sungamuuze kuti ayi ali chiimire pakhomo. Umalandira ndi manja awiri, kuthokoza, n'kupita. Agogo ena a tsitsi lochepa ngati la khanda anapita ndi botolo la shampu. Amayi achisilamu olukitsa tsitsi lawo lokha, osaika meshi, anapita ndi sipuleyi ya meshi. Chitini cha girizi chija ndiye chinalowa nyumba iliyonse. Masabata oyambawo Mwanahalima ankayenda ngati wakwezedwa pantchito. Munthu mmodzi ankamusiyiradi zambiri kuposa kale, monga ananenera a Yakubu, ndipo iye ankagwedeza chitini m'mwamba kuti kutsidya aone.

Kenako kunatentha. Aliyense amadziwa mmene Benga amapsera mvula isanagwe. Mafuta olimba aja akalowa pansi pa mpango, n'kukumana ndi thukuta, fumbi la mumseu ndi madzi amene mayi amapaka kumutu pokonzekera mapemphero a swala kangapo patsiku, ankasanduka phala lomata. Mitu inayamba kuyabwa. Ena anatuluka tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, ena mfundu. Malukidwe oyenera kukhala mwezi ankamasulidwa pasanathe masabata awiri. Palibe anabwera kudzadandaula, chifukwa kudandaula n'kovuta kuposa kukana. Ankangodutsa mbali ina ya msika, ndipo akakumana naye ankati mwana akudwala, kapena ndalama zavuta. Benchi inayamba kuoneka matabwa ake.

Mwanahalima anapeza wolakwa msanga. Anati Sharifa akumuipitsira mbiri.

Tsiku lina m'mawa, asanalandire munthu aliyense, anaona Sharifa akuoloka mseu. Anafika pakhonde, navula nsapato, nagwada pang'ono monga ankachitira ali wophunzira.

"Asalamu alaikumu, mayi."

"Wa alaikumu salamu." Mwanahalima sanasiye kutsuka zipeso.

"Mayi, ndabwera ndi pempho. Anthu akumabwera kwanga kudzafunsa mafuta anu aja, a karafuu. Ndiye ndimati mwina inu mukanamapanga, kuika m'timabotolo, ine..."

"Anthu ake ati? Anthu anga?"

"Ndi omwewo, mayi, koma chimene ndikunena n'chakuti..."

"Wanditengera anthu, tsopano ukufuna ndikhale wantchito wako? Ndizikusinjira nsatsi iwe uli pampando wozungulira? Sharifa, ndinakuphunzitsa kugwira chipeso iwe usakudziwa kumanga chitenje. Vala nsapato zako."

"Simunandimvetse, mayi."

"Ndakumva bwinobwino. Oloka mosamala, magalimoto akuthamanga."

Sharifa anavala nsapato zake napita. Chinamuwawa Mwanahalima koposa n'chakuti mwanayo anali atavala bwino, akununkhira, ndiponso sanabweze mawu ngakhale amodzi oti munthu n'kukawanena kumsika.

Loweruka la sabata yomweyo kunabwera Rahma. Mwanahalima anakoka katani, namuluka mosamala kuposa masiku onse, akucheza za mitengo ya usipa ndi za mnyamata wa ku Dwambazi amene abale ake anabwera kudzafunsira Ikram. Nkhani inali itapsa, anatero Rahma, nikaha ichitika mvula ikangoyamba. Mwanahalima anayamba kufotokoza malukidwe amene anawasungira mwanayo, mizere yopyapyala yokhotera kumanzere n'kukakumana pankhongo ngati nkhata.

Atamaliza, Rahma anatambasula dzanja monga mwa chizolowezi cha zaka zonsezo.

"Nanga aja, achemwali?"

"Aja ndi zachikale. Masiku ano tili ndi za m'sitolo." Mwanahalima anatsitsa chitini, sipuleyi ndi shampu, naziika pamiyendo pa mnzakeyo. "Amake a mkwatibwi asaoneke ngati akuchokera kudimba. Tengani zonse zitatu."

"Chitini chija munandipatsa mwezi watha chikadalipo. Sichinandiyanje kwenikweni."

"Simunapake bwino. Mwayamba kumvera za kutsidya, eti?"

Rahma anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa ndalama imene anati akagulire shuga wa alendo, naipereka. Analandira katunduyo ndi manja awiri, nathokoza, namanga mpango wake n'kutuluka. Mwanahalima anaima pakhomo kuti aone ngati aolokere kutsidya. Sanaoloke, analunjika kwawo, ndipo Mwanahalima anaona ngati wapambana.

Mvula yoyamba itagwa anayamba kukonzekera. Anagula chipeso chatsopano cha mchira wosongoka. Ndipo tsiku lina, a Yakubu ali kuntchito, anatsitsa botolo lija pakabati, nalitsuka. Anakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa mpaka mafuta atayandama, kuwengula, kusefa, kusakaniza ndi a mpendadzuwa, n'kuviikamo karafuu. Sanadzifunse chifukwa chimene sanaganizire zopaka Ikram girizi wa m'chitini. Pamutu umenewo sakanayerekeza, basi.

Anadikira kuitanidwa. Kunabwera uthenga wa tsiku la ukwati, woti adzabwere adzasangalale nawo. Za tsitsi munalibe. Anakumana ndi Rahma pachigayo namufunsa kuti mwana abwera liti kudzatsukidwa mutu.

"Tikuuzani, achemwali," anatero Rahma, maso ali pa thumba la chimanga. "Zinthu zachuluka."

Tsiku loti mawa ndi nikaha, Mwanahalima anatsegula saluni m'mamawa, nayala mkeka watsopano, osalandira munthu wina aliyense kuti manja akhale opepuka. Chakumasana anaona Sharifa akutseka chitseko chake ndi loko, chikwama chili paphewa. Anakwera kabaza. Njingayo inakhotera njira ya kwa a Sufiyani.

Mwanahalima anakhala pakampando kake mpaka mthunzi wa khonde unafika mumseu. Analira, ndipo sanabise, chifukwa panalibe womuona. Kenako misozi inauma, mkwiyo n'kutenga malo. Anaganiza zosapita ku ukwatiwo. Koma anaganizanso kuti mutu wa mkwatibwi ndi ntchito yovuta, mwana wa dzulo sangaimalize popanda cholakwa. Penapake mzere ukhota, penapake akoka kwambiri. Anaganiza zopita kuti akachione cholakwacho ndi maso ake, n'kuchinena mokweza akazi onse akumva. Botolo la mafuta analiponya m'chikwama osadziwa kuti akalitani.

M'mawa mwake kwa a Sufiyani kunali piringupiringu. Amuna anali atapita kumzikiti, kuseri miphika ya mpunga ili pamoto, ndipo akazi anadzaza m'chipinda chimene ankavekeramo mkwatibwi. Mwanahalima atalowa, phokoso linatsika. Ikram anali pampando pakati pa chipinda, manja atajambulidwa hina, mutu usanafundidwe. Sharifa anali kumbuyo kwake ndi nsalu yoyera m'manja.

"Anti!" Ikram anafuna kudzuka. "Ndimaopa kuti simubwera."

"Khala pansi, ungakwinye diresi. Ndione mutuwo."

Anazungulira pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati wogula mbuzi. Mizere inali yopyapyala, yokhotera kumanzere, yokakumana pankhongo ngati nkhata. Anali malukidwe ake omwe aja, amene anamuphunzitsa Sharifa kalekale pamutu wa mwana wa anansi. Anayang'ana pachipumi, tsitsi silinakokedwe. Anayang'ana kuseri kwa makutu, kumene oluka aulesi amabisa zolakwa zawo. Munalibe kanthu. Anazunguliranso kachiwiri. Akazi onse ankadikira. Ntchito inali yabwino, ndipo ubwino wakewo unamupweteka kuposa mmene cholakwa chilichonse chikanamusangalatsira.

Anawerama kuti amunong'oneze mwanayo mawu a dalitso, poti n'zimene anthu ankayembekezera. Mphuno yake itafika pafupi ndi mizere, anaima. Nsatsi. Karafuu. Fungo la pansi pa kampando kake, la zala zake zomwe.

"Mafuta awa achokera kuti?"

"Ndi a Mwanahalima, anti," anayankha mtsikana wina mwa operekeza mkwatibwi, asanaganize. Anzake anamutsina, koma mawu anali atatuluka kale.

"A ndani?"

Ikram anatenga kabotolo kakang'ono patebulo namupatsa. Panali kapepala komata, kolembedwa ndi bolopeni: Mafuta a Mwanahalima.

"Timagula kwa a Sharifa," anatero mtsikana uja, poona kuti palibenso chobisa. "Sakhalitsa pashelefu. Aliyense akamaliza kulukitsa amangoti, ndipatseniko a Mwanahalima. Ena amachokera ku Dwangwa."

Mwanahalima anayang'ana dzina lake pakabotolopo. Miyezi yonseyi, iye akutsekereza anthu pakhomo ndi girizi wa ku Salima, tsidya la mseu anthu omwewo ankatulutsa ndalama mwa kufuna kwawo, akutchula dzina lake. Chinthu chimene iye anachiona chachabechabe, choyenera kupatsa ulere kapena kuchiponya pakabati, ndicho chinali kugulidwa. Anatsegula kabotoloko, nadontheza pachala, nanunkhiza. Pamenepo nkhope yake inawala pang'ono, chifukwa cholakwa chija anabwerera anali atachipeza.

"Karafuu wachuluka," ananena mokweza. "Ndipo nsatsi sizinapse bwino."

"Ndikudziwa, mayi," anatero Sharifa mofatsa. "Ndimayesa, koma safika pa anu. N'chifukwa chake ndinabwera tsiku lija. Ndimafuna muzipanga inu, dzina ndi lanu, ndalama yaikulu izikhala yanu. Munandiuza kuti ndivale nsapato."

Palibe anaseka. Mwanahalima akanakonda wina aseke, kuti apeze womukalipira. Anatembenukira kwa Rahma, amene anaima pafupi ndi chitseko.

"Achemwali, mutu uwu unali wanga. Munavomera nokha."

"Unali wanu," anatero Rahma. "Ine ndinalira nayo nkhani imeneyi. Koma mwanayu chitini chija chinamutulutsa zilonda m'chipumi, mwezi wathunthu akuchira. Ndinayesa kukuuzani, munati ndamvera za kutsidya. Ndikanamubweretsa dzulo, mukanamupaka chiyani? Ndipo ine ndikanakana bwanji, inu muli chiimire pakhomo?"

Mwanahalima anatsegula chikwama chake. Anatulutsa botolo lija, lodzaza mpaka m'khosi, mafuta ake oyera bwino, naliika patebulo pafupi ndi kabotolo ka Sharifa.

"Ndikanamupaka awa," anatero. "Ndinapanga sabata yatha."

Rahma anagwira pakamwa. Ikram anayamba kulira, operekeza akumukupiza kuti wanja wa m'maso asasungunuke. Mwanahalima anatenga botolo lija naliika m'manja mwa mwanayo, napinda zala zake za hina pamwamba pake.

"Basela uyo. Kadontho kamodzi pachala. Usamange mpango tsitsi lili lonyowa."

Panja panamveka hutala, amuna anali akubwera kuchokera kumzikiti. Akazi anayamba kupanikizana, wina akufuna nsapato za mkwatibwi, wina ndolo. Wina anamukokera Mwanahalima mpando wa alendo olemekezeka pakona, ndipo anakhala. Kuchokera pamenepo anaona Sharifa akutambasula nsalu yoyera ija, kuifunditsa pamizere yonse, n'kuimanga bwinobwino pansi pa chibwano cha Ikram. Zala za Mwanahalima zinkayenda zokha pamiyendo pake, zikutsatira mfundoyo, koma panalibe mutu pakati pa maondo ake.